Abwana andibwezera masilaidi chifukwa cholemba kuti zithunzi ndi za Google

Mlangizi_Kanyama
Moni nonse a pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za zithunzi ndi eni ake. Ndimagwira ntchito ku kabungwe kophunzitsa anthu za ukhondo, ndipo sabata yamawa ndikaphunzitsa atsogoleri a m'misika za kapewedwe ka kolera mvula isanagwe. Ndakonza masilaidi 18 omwe ali ndi zithunzi zisanu, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse ndinalemba kuti "Gwero: Google", poganiza kuti ndachita mwaulemu. Abwana anga andibwezera ntchito yonse. Akuti Google sijambula zithunzi, komanso akuti popeza masilaidiwa adzaikidwa pa webusaiti ya bungwe, sakufuna kudzalandira kalata ya loya, koma sanandiuze choti ndichite.

Zithunzizo zili motere. Choyamba ndi cha odwala atagona pamabedi ku National Heroes Stadium pa mliri wa kumayambiriro kwa 2024, ndipo ndinachipeza pofufuza pa Google. Chachiwiri ndi cha msika wa Soweto wa mu Lusaka, ndinachitenga pa Wikipedia n'kuchidula m'mbali kuti chikwane. Chachitatu ndi cha kachilombo ka kolera, ndinachilowetsa kudzera mu PowerPoint momwemo. Chachinayi ndi tchati cha chiwerengero cha anthu chomwe ndinachijambula pa sikirini kuchokera mu lipoti la kalembera wa 2022. Chomaliza ndinajambula ndekha ndi foni, ndipo chikuonetsa amayi ali pamzere wotunga madzi kuno ku Kanyama. Kodi ndilembe chiyani pansi pa chilichonse kuti nkhaniyi ithe?

Mphunzitsi_Matero
Achemwali, musavutike mtima. Ntchito yanu ndi yophunzitsa anthu ndipo simukugulitsa kanthu, choncho lamulo limakulolani kugwiritsa ntchito chithunzi chilichonse malinga mwatchula kumene mwachitenga. Ine ndaphunzitsa zaka 14 ndipo palibe tsiku limene munthu anandifunsapo za chithunzi. Ingochotsani mawu akuti Google, muike dzina la webusaiti imene inali ndi chithunzicho, basi.

WaMuLaibulale
Aphunzitsi anena zoona pa mbali imodzi, yakuti dzina la Google lichoke, chifukwa Google imangokulozerani kumene chithunzi chili, monga mmene kondakitala wa basi amakutsitsirani pamsika koma katundu wa mumsikamo si wake. Koma pa mbali inayo ndikupempha kuti tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amaziphatikiza. Kutchula mwini chithunzi ndi chinthu china, ndipo kukhala ndi chilolezo chochigwiritsa ntchito ndi chinthu chinanso. Mukatenga njinga ya mnzanu osapempha, n'kumauza aliyense panjira kuti njingayi ndi ya uje, mwanena zoona, koma simunabwerekedwe. Funso lanu, a Mlangizi, lakuti mulembe chiyani, ndi lachiwiri. Loyamba ndi lakuti pa zithunzi zisanuzo, ndi ziti zimene muli nazo chilolezo.

Umwini wa chithunzi umayamba pomwe wojambula wadina kamera. Safunika kulembetsa kulikonse kapena kuika chizindikiro cha ©, ndipo mfundo imeneyi ili m'pangano la ku Berne lomwe mayiko ambiri, kuphatikizapo Zambia ndi Malawi, analowamo. Choncho chithunzi chopanda dzina pa intaneti sichitanthauza kuti chilibe mwini. Kuno kwathu nkhanizi zili m'lamulo la 1994 loteteza eni ntchito zaluso, lomwe ndi mutu 406 wa malamulo a dziko. Lamulolo lili ndi zifukwa zowerengeka zimene munthu angagwiritsire ntchito chinthu cha wina osapempha, monga kuphunzira payekha, kafukufuku wake, kuunika ntchito ya wina ndi kufalitsa nkhani. Silinanene kuti aliyense amene sakugulitsa kanthu ndi womasuka kutenga chilichonse.

Mphunzitsi_Matero
Ndamva, koma kodi mukutanthauza kuti ine ndikaonetsa ana 60 chithunzi cha mathithi a Mosi-oa-Tunya m'kalasi ndiye kuti ndapalamula mlandu? Zimenezo sindingazivomere.

WaMuLaibulale
Sindinatero, aphunzitsi. Za m'kalasi zili ndi malo ake, ndipo chithunzi chimene chaoneka pakhoma kwa mphindi ziwiri n'kuzima sichifanana ndi fayilo imene yaikidwa pa webusaiti ya bungwe, pomwe munthu aliyense padziko lapansi angaitenge, ili ndi chizindikiro cha bungwelo pamwamba. Kuika pa webusaiti ndi kufalitsa. Abwana a mlongo wathuyu aona bwino pamenepo, ngakhale kuti alephera kumufotokozera.

Tekinishani_Chawama
Ngati nkhawa yanu ndi yakuti zithunzi zikhale zotetezeka, musamatenge mafayilo pa mawebusaiti osadziwika, chifukwa ena amabwera ndi mavairasi amene amaononga kompyuta. Ndipo ngati chithunzi chili ndi zilembo zodutsa pakati, bwerani nacho ku shopu, ndimazichotsa pa mphindi zisanu.

Wojambula_Kabwata
Achimwene a ku Chawama, funso silinali la mavairasi, ndipo ntchito mwaitchula kumapetoyo ndi imene imatiliza ife ojambula. Zilembo zodutsa pakatizo ndi chikwangwani chonena kuti chithunzichi ndi chogulitsa. Amene wazichotsa sanganene kuti sanadziwe.

Ndikufuna ndilankhule za chithunzi choyamba chija cha kubwalo la masewero, chifukwa ndikudziwa mmene zoterezi zimajambulidwira. Zithunzi za mliri umene uja zimene zimatuluka koyambirira pa Google zambiri ndi za manyuzipepala ndi makampani ogulitsa nkhani, ndipo wojambula analipidwa, kapena akuyembekeza kulipidwa, nthawi iliyonse imene chagwiritsidwa ntchito. A Mlangizi, dinani chithunzicho pa Google, kenako dinani Visit kuti mufike patsamba lenileni, ndipo muyang'ane timalemba tating'ono pansi kapena pambali pake. Mukaona dzina la munthu lotsatana ndi dzina la kampani ya nkhani, dziwani kuti kutchula dzinalo sikukwanira, pafunika kulemba kalata yopempha kapena kulipira.

Ine zinandichitikira. Ndinajambula mayi wina wogulitsa kapenta ku Soweto m'mawa kwambiri, dzuwa likungotuluka, utsi wa mbaula uli kumbuyo kwake, ndipo ndinadikira pafupifupi ola lathunthu kuti kuwala kukhale bwino. Patapita miyezi ndinachipeza pa nsalu yaikulu ya msonkhano wa bungwe lina, dzina langa lomwe linali pakona atalidula. Nditawafunsa anandiyankha kuti anachipeza pa intaneti ndipo ndiyenera kusangalala kuti ntchito yanga yaonedwa ndi anthu ambiri. Lendi ya nyumba silipidwa ndi kuonedwa.

Mayi_wa_ku_Katete
Ine sindidziwa zamalamulo, koma ndinagwirapo ntchito yosamalira odwala, ndipo chithunzi choyambacho ndikuchikana pa chifukwa china. Anthu ali pamabediwo ndi a kuno konkuno, ena ndi a ku Kanyama komwe mukukaphunzitsako. Bwanji ngati mmodzi mwa atsogoleri a msikawo aona mlongo wake pakhoma, ali wofooka, nsalu itamuvuka? Ngakhale kampani ya nkhaniyo itakupatsani chilolezo chaulere, mwanangu, chichotseni.

Mlangizi_Kanyama
Zikomo amayi, zimenezo sindinaziganize n'komwe. Ndatsata njira imene a Wojambula anena, ndipo ndapeza kuti chithunzicho chilidi ndi dzina la kampani ya nkhani ya kunja. Ndachichotsa. Tsopano ndithandizeni pa cha Wikipedia, chifukwa ndimamva kuti zonse za kumeneko ndi zaulere.

WaMuLaibulale
Zambiri ndi zololedwa, koma zili ndi malamulo ake, ndipo si zonse. Chitani izi muli pa kompyuta. Bwererani patsamba la Wikipedia pomwe munachipeza, dinani chithunzicho kuti chikule, kenako dinani More details. Yang'anani adiresi pamwamba. Ngati yayamba ndi commons.wikimedia.org ndiye kuti muli ku Wikimedia Commons, nkhokwe imene imalandira zithunzi zokhazo zomwe eni ake alola kuti aliyense azigwiritse ntchito, azisinthe, ngakhale pa malonda. Koma ngati mwatsala pa Wikipedia ya Chingerezi ndipo mukuona mawu akuti non-free, chisiyeni, chifukwa chimenecho anachiika potsata lamulo la ku Amereka kuti chithandize nkhani imodzi yokhayo, ndipo chilolezocho sichikutsatirani kuno.

Mukafika ku Commons mupeza kabokosi kolembedwa Summary, momwe muli Author ndi Source, ndipo pansi pake pali gawo la Licensing. Kawirikawiri mupeza zilembo ngati CC BY 4.0 kapena CC BY-SA 4.0. Amenewa ndi malaisensi a Creative Commons, ndipo ndi chilolezo chimene wojambula anapereka kale kwa aliyense, koma pa mfundo zake. Zilembo za BY zikunena kuti mumutchule. Za SA zikunena kuti mukasintha chithunzicho n'kupanga china, chatsopanocho muchigawe pa laisensi yomweyo. Mukalephera kutchula monga afunira, chilolezocho chimagwa, ndipo mumafanana ndi munthu amene anangotenga.

Zofunika kulemba ndi zinayi: dzina la chithunzi ngati lilipo, dzina la wojambula monga analilembera iye mwini ngakhale litakhala longopeka, kumene chili, ndi laisensi yake pamodzi ndi nambala. Popeza inu munachidula, muonjezere liwu lonena zimenezo. Pansi pa chithunzi pakhale mzere wotere:

```
"Dzina la chithunzi", wojambula: Uje, Wikimedia Commons, CC BY-SA 4.0, chodulidwa
```

Mawu akuti Wikimedia Commons muwaikire linki yopita patsamba la fayiloyo, ndipo zilembo za laisensi muziikire linki yopita patsamba la laisensiyo. Patsamba lomwelo la Commons pali Use this file, pomwe amakulemberani kale mzere wotchula mwini, inu n'kungokopera.

Wophunzira_Chelstone
Pepani akuluakulu, pamenepa pandisokoneza. Ngati SA ikutanthauza kuti ugawe pa laisensi yomweyo, kodi ndiye kuti masilaidi onse 18 a achemwaliwa asanduka a aliyense chifukwa cha chithunzi chimodzi cha msika? Mnzanga wina kusukulu amakana zithunzi zonse za SA pa chifukwa chimenechi.

WaMuLaibulale
Mnzanuyo akuopa mopitirira. Lamulo la SA limagwira chinthu chimene chapangidwa posintha chithunzicho. Mukachiika pasilaidi monga chilili, pambali pa mawu anu, mawuwo amakhalabe anu ndipo chithunzicho chimakhalabe pa laisensi yake. Koma mukachipaka mitundu ina, kulembapo mivi ndi mawu, kapena kuchiphatikiza ndi zina kukhala chithunzi chimodzi, chatsopanocho ndicho chiyenera kutuluka pa CC BY-SA. Kudula m'mbali pang'ono kuli pamalire, ndipo anthu amatsutsana ngati kumeneko ndi kupanga chinthu chatsopano. N'chifukwa chake ine ndimangolemba kuti chodulidwa n'kusiya laisensi yomweyo pa chithunzicho, popeza pamenepo sinditaya kanthu. Zimene muyenera kusamala nazo kwambiri ndi za ND, zomwe sizilola kugawa chosinthidwa, koma zimenezo ku Commons simuzipeza.

Wojambula_Kabwata
Ndionjezere chenjezo limodzi pa Commons. Munthu akhoza kutenga chithunzi changa pa Facebook, n'kuchikweza kumeneko atalemba kuti Own work, kutanthauza kuti anajambula yekha, ndipo mpaka odzipereka a kumeneko atachigwira, chimaoneka ngati chololedwa. Laisensi yoperekedwa ndi munthu amene si mwini ilibe mphamvu. Pali zizindikiro zake. Chithunzi chokongola ngati cha katswiri koma chaching'ono kwambiri, chopanda mbiri ya kamera pansi patsamba pomwe palembedwa Metadata, chokwezedwa ndi munthu amene sanakwezepo china chilichonse, chimenecho chikayikireni. Chiponyeni mu TinEye, webusaiti yofufuza kumene chithunzi chinaonekapo kale, musankhe kuti zotsatira ziyambe ndi Oldest, ndipo mukachipeza pa nyuzipepala zaka ziwiri tsiku la ku Commons lisanafike, yankho mwalipeza.

Mlangizi_Kanyama
Cha Soweto chili pa Commons, ndi CC BY-SA 4.0, wojambulayo ali ndi zithunzi zambiri za Lusaka ndipo dzina la kamera likuoneka. Ndalemba mzere uja. Koma chachitatu, cha kachilombo, ndikuganiza kuti chili bwino kale, chifukwa PowerPoint inandilembera yokha pansi pake mawu awa, ndipo ine ndinangoonjezerapo Google:

```
This Photo by Unknown Author is licensed under CC BY-SA
```

Gogo_Chilenje
Ana inu, ngati mwini wake sadziwika, nanga chilolezocho anapereka ndani?

WaMuLaibulale
Agogo afunsa funso lenileni. Mzere umenewo umabwera mukadutsa pa Insert, Pictures, Online Pictures mutasiya kabokosi ka Creative Commons only kali kodinidwa. Amene amafufuza pamenepo ndi Bing, injini yofufuzira ya Microsoft, ndipo imangowerenga chizindikiro cha laisensi patsamba lomwe pali chithunzicho, osatsimikiza kuti chizindikirocho ndi cha chithunzicho kapena ndi cha nkhani ya patsambalo, kapenanso kuti mwini tsambalo anali ndi ufulu pa chithunzicho. Onaninso kuti palibe nambala ya laisensi ndipo palibe dzina, pamene BY ikufuna dzina. Zilinso chimodzimodzi ndi Usage rights ya pa Google: ndi sefa yothandiza kuchepetsa zofufuza, koma si umboni.

Mawu akuti This Photo ali ndi linki. Gwirani Ctrl n'kudina, muone kumene akufikitseni. Mukapeza tsamba loyambirira lokhala ndi dzina ndi laisensi yomveka, lembani mzere wanuwanu monga uja wa Soweto. Mukafika pa kabulogu ka munthu amene nayenso anangotola, musataye nthawi. Pa chithunzi cha kachilombo ka kolera pali njira yachidule: bungwe la boma la Amereka loona za matenda, CDC, lili ndi nkhokwe yotchedwa Public Health Image Library. Ntchito zopangidwa ndi ogwira ntchito m'boma lalikulu la Amereka sizikhala ndi umwini woletsa, choncho zithunzi zambiri za mmenemo ndi zomasuka. Lembani Vibrio cholerae pofufuza, ndipo patsamba la chithunzi chilichonse muwerenge mzere wa Copyright Restrictions, chifukwa zilipo zina zochepa zimene anapatsidwa ndi anthu akunja kwa boma. Ngakhale chili chomasuka, tchulani CDC ndi dzina la wojambula ngati laperekedwa.

Mphunzitsi_Matero
Ndiye kuti za boma ndi zaulere, monga ndimanenera. Tchati cha kalembera chija chilibe vuto, ndi cha boma lathu, ndipo tinalipira ndi misonkho yathu.

WaMuLaibulale
Lamulo lija ndi la boma la Amereka lokha, aphunzitsi, musalitengere ku maboma onse. Koma pa tchati pali njira yabwino kuposa kukangana za umwini. Manambala paokha alibe mwini: mfundo yakuti kalembera wa 2022 anapeza anthu pafupifupi 19.6 miliyoni m'Zambia, ndipo opitirira 3 miliyoni mwa iwo ali m'chigawo cha Lusaka, aliyense angainene. Chimene chili ndi mwini ndi kajambulidwe ka tchaticho. Choncho a Mlangizi atenge manambala awiri kapena atatu amene akuwafuna, awalembe mu Insert, Chart, apange tchati chawo, ndipo pansi alembe kuti manambalawa achokera ku Zambia Statistics Agency, kalembera wa 2022, tsamba lakuti. Phindu lina ndi lakuti tchati chojambulidwa pa sikirini chimachita mbuu pa pulojekita, pamene chopanga nokha chimawerengeka ndi amene akhala kumbuyo, ndipo mukhoza kuchilemba m'Chinyanja.

Chonde nenaninso ngati manambalawo ndi a lipoti loyambirira kapena lomaliza, chifukwa malipoti awiri a kalembera mmodzi amatha kusiyana pang'ono, ndipo pamsonkhano sipalephera munthu amene ali ndi linalo.

Wophunzira_Chelstone
Funso langa lili pa kakonzedwe. Kusukulu amatiuza kuti magwero onse akhale pasilaidi yomaliza, ndipo ine ndimaona kuti timalemba pansi pa chithunzi chilichonse timadetsa silaidi. Kodi sizokwanira kuika nambala ngati [1] pachithunzi, n'kufotokoza zonse kumapeto?

Mkonzi_Woodlands
Ine ndimakonza malipoti ndi masilaidi a anthu tsiku ndi tsiku, ndipo ndikuuzeni zimene zimachitikira silaidi yomaliza: imaoneka masekondi atatu anthu akuomba m'manja, ena atayamba kale kupita kukamwa tiyi. Choipa kwambiri ndi chakuti masilaidi sayenda pamodzi. Wina amajambula silaidi ya nambala 7 ndi foni, n'kuiponya pa WhatsApp, ndipo imazungulira Lusaka yense ili ndi [1] amene sakuloza kulikonse. Mnzanu wa mu ofesi amakopera masilaidi atatu kupita nawo ku ntchito yake, yomaliza n'kutsala. Choncho ine ndimachita zonse ziwiri. Pasilaidi pomwepo ndimaika mzere waufupi, wa zilembo za saizi 10 kapena 11, wotuwa koma wowerengeka, pansi penipeni pa chithunzi, ndipo ndimaumanga pamodzi ndi chithunzicho pogwiritsa ntchito Group kuti wokopera atenge zonse. Kumapeto ndimaika masilaidi awiri osiyana, ina ya mabuku ndi malipoti amene mfundo zachokera, ina ya eni zithunzi, ndipo pa chilichonse ndimalemba nambala ya silaidi imene chili.

Kumapetoko adiresi ya pa intaneti ilembedwe yonse kuti ioneke ndi maso. Linki yobisika pansi pa mawu imagwira ntchito pa kompyuta, koma atsogoleri a msika aja mukawasindikizira papepala, palibe chodina.

Wophunzira_Chelstone
Laisensi yeniyeniyo imafuna kuti dzina likhale pansi pa chithunzi, kapena ndi kukonda kwanu chabe?

WaMuLaibulale
Laisensi ya 4.0 imangonena kuti mutchule mwini m'njira yoyenera malinga ndi chimene mukupanga, choncho silaidi ya kumapeto yokhala ndi zonse ikhoza kukwanira pa lamulo. Zimene a Mkonzi akunena ndi nzeru ya ntchito, ndipo ine ndili kumbali yawo, koma sindinganene kuti wochita njira inayo walakwa. Ngati aphunzitsi anu akufuna kalembedwe ka APA kapena ka Harvard pa mabuku, tsatirani, koma dziwani kuti kulemba dzina ndi chaka kokha sikutchula laisensi, ndiye pa zithunzi muionjezere.

Mlangizi_Kanyama
Tsopano chatsala chimene ndinajambula ndekha. Pamenepa ndiye palibe wondifunsa, si choncho?

Mayi_wa_ku_Katete
Kodi amayi a pamzerewo munawapempha?

Mlangizi_Kanyama
Sindinawapemphe, amayi. Ndinangoima patali n'kujambula. Nkhope za atatu zikuoneka bwino, ndipo mmodzi wabereka mwana.

Wojambula_Kabwata
Chithunzicho ndi chanu, kapena ndi cha bungwe ngati munajambula muli pantchito ndipo kalata yanu ya ntchito ikutero, koma nkhope ndi za eni ake. Ganizirani mutu umene chikhale pansi pake. Mayi amene anangopita kukatunga madzi adzapezeka pa webusaiti pansi pa mawu onena za kolera ndi uve, ndipo aneba ake adzamuzindikira. Tilinso ndi lamulo la 2021 loteteza mbiri za anthu, ndipo chithunzi chimene munthu akuzindikirika nacho ndi mbiri yake, makamaka pakakhala mwana. Bwererani kumpopi kuja. Fotokozani m'chinenero chawo kuti chithunzi chikaonetsedwa kuti ndiponso chikakhala pa intaneti, ndipo ovomera asaine kapena adinde chala papepala. Njira yosavuta kwambiri ndi kujambula zigubu zachikasu zili pamzere, kapena manja akutsuka ndowa, popanda nkhope. Nthawi zambiri chotere chimalankhula bwino kuposa cha nkhope. Pansi pake lembani dzina lanu kapena la bungwe, malo ndi chaka, kuti wina asadzaganize kuti munaiwala gwero.

Tekinishani_Chawama
Ndavomera kuti poyamba ndinaphonya funso. Koma bwanji osangotenga zonse pa mawebusaiti a zithunzi zaulere monga Pixabay, Pexels kapena Unsplash, komwe safuna n'komwe kuti utchule munthu? Makasitomala anga ambiri amatero.

Mkonzi_Woodlands
Kumeneko n'kothandiza pa zithunzi za sopo, mpopi kapena manja, ndipo n'zoona kuti malaisensi awo sakakamiza kutchula wojambula, ngakhale ine ndimatchulabe kuti ndidzakumbuke kumene ndinatenga. Samalani ndi mzere wa zithunzi zotsatsa umene umaoneka pakati pa zotsatira, chifukwa zimenezo ndi zogulitsa za kampani ina, ndipo pa Unsplash zolembedwa Unsplash+ ndi zolipira. Vuto lina ndi lakuti mukafufuza msika wa mu Afirika mumalandira msika wa dziko lina, ndipo amayi a ku Soweto adzadziwa nthawi yomweyo kuti si kwawo. Musalembe pansi pake kuti ndi Lusaka.

Mlangizi_Kanyama
Ndakonza zonse usiku wathawu. Cha odwala chachoka, cha Soweto chili ndi mzere wake, cha kachilombo ndatenga cha CDC, tchati ndapanga changa, ndipo mawa m'mawa ndikajambula zigubu. Safunsa anadya phula, ndiye ndifunsenso chimodzi. Ndikufuna kuonjezera chojambula cha kasambidwe ka m'manja kuchokera m'kabuku ka WHO, ndipo kumayambiriro kwake alemba CC BY-NC-SA 3.0 IGO. Bungwe lathu si lamalonda, koma pa maphunziro ena timalipiritsa K150 munthu aliyense kuti tigule chakudya ndi kulipira holo. Kodi NC, yomwe silola kugwiritsa ntchito chinthu pa malonda, ikutiletsa?

Mphunzitsi_Matero
Ndalama ya nsima ndi holo si phindu. Pamenepa ndiye sindisuntha.

Wojambula_Kabwata
Ine ndikanakhala mwini chojambulacho ndikanafunsa kuti ndalama yotsala ikupita kuti. Mabungwe ambiri amati ndi ya chakudya, koma mphunzitsi amalandirapo yake.

WaMuLaibulale
Apa sindingagamule, chifukwa laisensiyo siyang'ana ngati inu ndinu bungwe lachifundo kapena kampani. Imayang'ana ngati cholinga chachikulu cha kagwiritsidwe ntchitoko ndi kupeza phindu la malonda kapena malipiro, ndipo siinaike malire a ndalama. Pa maphunziro aulere a sabata yamawa ndi pa fayilo yaulere ya pa webusaiti sindikuona vuto. Pa olipiritsawo, lemberani a WHO kudzera pa fomu yawo yopemphera chilolezo, musunge yankho. Musanatero, yang'anani pafupi ndi chojambulacho kapena patsamba la kuthokoza ngati pali dzina la munthu wina kapena kampani ina, chifukwa laisensi ya kabukuko siphimba zinthu zimene iwonso anachita kubwereka, ndipo chizindikiro cha WHO musachiike pamasilaidi anu ngati kuti akuvomerezani.

Pa zithunzi zonse zimene mwasunga, jambulani sikirini ya tsamba loonetsa laisensi ndi tsiku, muike m'foda imodzi ndi masilaidi. Laisensi ya Creative Commons ikaperekedwa sibwezedwa, koma tsamba likhoza kusintha kapena kuchotsedwa, ndipo tsiku limenelo umboni wanu udzakhala womwewo.

Mkonzi_Woodlands
Mukamasandutsa fayiloyo kukhala PDF ya pa webusaiti, gwiritsani ntchito Save As kapena Export, osati Print, chifukwa njira ya Print nthawi zambiri imapha malinki. Mukamaliza itseguleni pa foni, mudine linki ya chithunzi cha Soweto, muone ngati ikukufikitsani ku Commons musanaipereke kwa abwana.